Manambala Ochokera m'Chimbudzi

Kope lija ndikadali nalo. Ndi lachikuto chobiriwira, lamasamba ochepa, ndipo mkati mwake muli manambala olembedwa ndi pensulo m'malembo a mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Pambali pa manambala ena pali mizere yofiira imene ndinalemba ine. Ndikalitsegula lero, chimene chimayamba kundifika si chisoni ayi, koma mseru.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake, pamene khadi la chipani linkafunika ngakhale polowa mumsika. Tinkakhala ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu. Ine ndinkatayipa makalata pa ofesi ina m'tauni, ndipo bambo ake a mwana ankayendetsa lole, moti masabata ambiri sankagona pakhomo. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma mwana wanga wamkaziyo anabadwira ku Mzuzu, n'chifukwa chake ankanditchula kuti amama, ndipo Chichewa chake chinkakwera ndi kutsika ngati cha anzake a pamenepo.

Matenda a shuga anamupeza ali sitandade 3. Anaonda mpaka yunifolomu inkangolendewera, madzi ankamwa ngati ng'ombe, usiku n'kumangodzuka kukataya madzi. Atatuluka m'chipatala tinabwera ndi timabotolo ta insulini, majakisoni, ndi lamulo loti azibayidwa kawiri pa tsiku moyo wake wonse, m'mawa ndi madzulo asanadye. Azakhali ake atamva, anabwera kuchokera ku Msongwe ndi nzeru yawo. Anati mwana wotere sukulu ndi yachiyani, angokhala pakhomo tizimuyang'anira. Ndinawayankha mokweza, chifukwa pakamwa panga sipanazolowere kunong'ona. Ndinati apita kusukulu, ndipo ndidzamusiyitsa pokhapokha sukuluyo ikalephera kumusamala. Mwana anali kuseri kwa chitseko akutsuka mbale, koma ine sindinalabadire.

Adokotala athu a ku kiliniki ya shuga anali bambo wa ku Nkhata Bay, wofatsa, wokonda kufotokoza chinthu katatu. Iwo ndiwo anatiuza kuti nthawi yoopsa ndi ya kusukulu. Jakisoni wa m'mawa ankakhala wosakaniza insulini ziwiri, yoyera yogwira msanga ndi ya mbuu yogwira pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake inkakula kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka masana, mwana ali m'kalasi, phala la m'mawa litatha kale m'mimba. Kunyumba tinkayeza mkodzo, kuuphika ndi mankhwala a buluu m'kabotolo kagalasi. Shuga akachuluka unkasanduka wobiriwira, wachikasu, kapena wofiira ngati njerwa. Koma mkodzo suuza munthu kuti shuga watsika. Ukhale bwinobwino ndi buluu, ukhale pafupi kukomoka ndi buluu yemweyo.

Choncho timapepala toyezera magazi, timene mlongo wanga ankatitumizira kuchokera kunja komwe ankaphunzira, tinkatisungira buleki ya kusukulu. Tinali tochepa, moti ndinkatidula pakati mu utali ndi sizasi kuti kamodzi kakhale tiwiri. Kayezedwe kake mwana anakaloweza ngati pemphero. Usambe m'manja ndi kupukuta. Ubaye m'mbali mwa chala, udonthezere magazi kunsonga kwa kapepala. Udikire mphindi imodzi yeniyeni pa wotchi, upukute ndi thonje, udikirenso mphindi ina, kenako uyerekeze mtundu wake ndi mitundu yojambulidwa pa kachitini kosungiramo timapepalato, poyera pamene pali kuwala. Mtundu wowala ndi shuga wochepa, woderapo ndi shuga wambiri.

Adokotala analemba okha mkati mwa chikuto cha kope. Nambala yabwino pa buleki ndi kuyambira 4 mpaka 10, ndipo ikakhala pamenepo adye mbatata kapena nthochi yake basi. Ikatsika pansi pa 4, kapena akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, anyambite masipuni ang'onoang'ono atatu a shuga nthawi yomweyo, kenako adye. Kukakhala masewero kapena ntchito yamanja, ayambe wadya kowonjezera. Ikamakwera kupitirira 10 masiku otsatizana, tibwere ku kiliniki.

Ndinapita nalo kopelo kwa madamu a kalasi yake ya sitandade 4, mayi wamtali wa ku Rumphi amene ankavala wotchi yachimuna. Anawerenga, nafunsa mafunso anzeru, navomera kuti pa buleki mwana aziyezera pa tebulo lawo, pafupi ndi windo, iwo akumuwerengera mphindi. Teremu yoyamba yonse manambala anali 6, 7, 8, mwina 9. Ndinkagona tulo.

Teremu yachiwiri zinthu zinatembenuka. Kope linayamba kubwera ndi 13, 13, 17, 13. Sabata yoyamba ndinati mwina chimfine. Sabata yachiwiri ndinayamba kumuyang'ana mwana ndi diso lina. Pageti pa sukulu paja pankakhala amayi ogulitsa mandasi, maswiti ndi nzimbe, ndipo ndinkadziwa kuti mwana ndi mwana. Ndinatenga cholembera chofiira cha ku ofesi n'kuyamba kudula mzere pansi pa nambala iliyonse yoipa, ngati kuti ndine mphunzitsi wochonga mayeso.

"Ukudya chiyani kusukulu?"

"Mbatata yomwe mumandipatsa, amama."

"Mbatata yake yomweyi imene inkatipatsa 7? Kapena mbatata za chaka chino zalowa mpingo wina?"

Sanaseke. Ankangoyang'ana pansi. Ankabwera kuchokera kusukulu ali ndi njala ya galu, akudandaula mutu, ndipo ine ndinkati ndi shuga wochuluka uja akumusautsa. Ndinachepetsa mbatata ya pa buleki, m'malo mwa ziwiri n'kumamupatsa imodzi. Tsiku lina nditatopa ndi 17, ndinathyola kanthambi ka pichesi kuseri n'kumukwapula m'miyendo. Apo ndiye anavomera. Anati mnzake anamupatsa switi. Ndinamva kukoma kwa munthu amene wagwira mbava, ndipo madzulo amenewo ndinadya bwino.

Koma manambala sanatsike. Tinapita ku kiliniki, adokotala n'kutsegula kope. Anakhala nthawi akuliyang'ana, akukanda chibwano.

"Mama, mkodzo wa madzulo sukugwirizana nazo kwenikweni izi," anatero. "Masiku ambiri ndi buluu. Koma magazi sanama. Iwe mwana, ukusamba m'manja? Ukudikira mphindi zako bwinobwino?"

"Eya, adokotala."

Anawonjezera mayuniti awiri pa jakisoni wa m'mawa, nati tibwerenso pakatha masabata awiri. Sindiwaimba mlandu. Anachita zimene manambala anawauza, ndipo manambalawo ndinawabweretsa ndine, nditawadulira kale mizere yofiira kuti asawaphonye.

Patapita masiku anayi, inali sabata ija imene ana onse ankasiya maphunziro n'kumagwira ntchito zachitukuko. Pa sukulu yawo ankatuta njerwa za kalasi yatsopano kuchokera kumunsi kudambo. Lachinayi akuluakulu a chipani ankabwera kudzaona ntchito, choncho ahedi analamula kuti buleki idikire mpaka alendo atadutsa, kuti adzapeze ana ali pamzere, njerwa zili pamutu. Izi zonse ndinazimva pambuyo pake. Chimene ndinaona ine ndi mphunzitsi wina wamwamuna atatulukira pakhomo la ofesi yathu ndi njinga, thukuta lili kamukamu, akuti mwana wagwa.

Ndinakwera pakaliyala ndi siketi yanga ya ku ofesi, nsapato imodzi n'kutsala pamsewu. Ndinamupeza atamugoneka chammbali pansi pa mtengo, yunifolomu itanyowa ngati wagwa m'chitsime, milomo ili mbuu, shuga atamatirira pachibwano. Madamu anali atagwada pambali pake. Anali atakumbukira za pa chikuto. Atamuona akudzandira ndi njerwa, akulankhula zosamveka, anapisa m'thumba la yunifolomu, napeza shuga amene ndinkamumangira m'kapepala, n'kumupaka mkati mwa tsaya pang'onopang'ono mpaka anayamba kumeza yekha. Aphunzitsi ena ankawaletsa, ati wodwala shuga mukumupatsiranji shuga, mumupha. Madamu sanawamvere, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza mpaka kumanda.

Ndinapempha madzi, ndinamusambitsa m'manja, ndinamuyeza pomwepo padzuwa ndi wotchi yanga. Ngakhale anali atadya kale shuga yense uja, kapepala koyezera kanangofika pa 4. Ndinamudyetsa mbatata yake ndi nthochi imene wina anabweretsa. Atayamba kundizindikira bwino ndinamufunsa.

"Unayeza lero?"

"Ayi amama, buleki kunalibe. Ndinapempha kuti ndipite kuchimbudzi koma anakana."

"Kuchimbudzi kukatani? Ine ndikufunsa za kuyeza."

Mwana anayang'ana madamu. Madamu anayang'ana wotchi yawo ngati kuti yawaitana.

Nkhani yake inali iyi. Kumayambiriro kwa teremu, makolo ena anamva kwa ana awo kuti m'kalasi muli mtsikana wowonda amene amatulutsa magazi pa tebulo la aphunzitsi tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo matenda aja osatchulidwa dzina anali atayamba kumaliza anthu, ndipo aliyense wowonda ankayenda ndi maso a anthu kumsana. Makolo anakadandaula ku komiti ya sukulu, momwe munalinso wapampando wa nthambi ya chipani. Ahedi sanafune kukangana ndi munthu wotero. Anaitana madamu n'kuwauza kuti zamagazi m'kalasi zithe, mwana azikapangira kuchimbudzi, kumene kumapita zonyansa zonse. Palibe amene anandilembera ngakhale kakalata.

Ndinanyamuka ndi nsapato yanga imodzi kupita kukachiona chimbudzicho. Chinali kumapeto kwa bwalo, chokumba, cha zitseko zinayi, ziwiri zitaguluka. Fungo linandilandira ndisanafike. Mkati munalibe windo, kuwala kunkangolowera pakampata ka pansi pa malata. Pansi panali chinyezi chimene sindikufuna kuchitchula, m'makoma mutapakidwa ndi zala, ntchentche zobiriwira zikuwirira pabowo, mphutsi zikukwawa m'mphepete. Madzi osamba m'manja kunalibe, mpopi unali kutsidya lina la sukulu ndipo unkatuluka ukafuna. M'menemo ndi momwe mwana wanga ankaboola chala chake masabata asanu ndi awiri, kachitini atakapanira kukhwapa, thonje atalilumira kukamwa, anzake akugogoda chitseko. Ndinatuluka n'kusanza paudzu.

M'mawa mwake sindinapite ku ntchito. Jakisoni ndinabweza pa mlingo wakale, ndipo ndinatumiza uthenga kwa adokotala kuti ndatero. Nthawi ya buleki ndinafika pa sukulu ndi timapepala tiwiri, ngakhale kuti kuwononga kamodzi kunkandipweteka ngati kuzula dzino. Koyamba tinayeza panja, m'manja mosamba, ndi wotchi. Kanaonetsa 7. Kachiwiri ndinamuuza kuti achite monga amachitira masiku onse, ine nditaima naye mkatimo, mpango uli pamphuno. Wotchi analibe, choncho ankawerenga chamumtima mpaka 60. Ntchentche ikamutera pamaso ankasokoneza n'kuyambiranso. Ine ndinkayang'ana wotchi yanga mwakachetechete, ndipo pamene ankapukuta magazi panali patadutsa pafupifupi mphindi ziwiri. Magazi akakhalitsa pa kapepala, mtundu umadera. Kenako anakakweza m'mwamba mumdima muja, pafupi ndi kachitini, akutsinzinira.

"Ndi 13, amama."

Anandiuzanso kuti masiku ena njala ikamupweteka ankayamba wadya nthochi ali pamzere wa chimbudzi, n'kubaya chala chomwecho chosasamba. Amenewo ndiwo anali masiku a 17.

Ndinalowa mu ofesi ya ahedi osagogoda. Anali bambo wonenepa bwino, wa tayi, baji ya chipani ili pachifuwa. Ndinaika timapepala tiwiri tija pa tebulo pawo, pamwamba pa kaundula. Anakankhira mpando kumbuyo ngati ndawaikira njoka.

"Monire mama. Pepani chomene za dzulo. Koma izi chotsani kaye, please."

"Magazi ndi a mwana mmodzi, ahedi, chala chimodzi, nthawi imodzi. Aka ka panja, aka ka m'chimbudzi mwanu. Chifukwa cha aka, adokotala anawonjezera mankhwala, ndipo dzulo mwana akanafera pa njerwa zanu."

"Mama, you must understand. Ine ndili na ma parents. Ndili na komiti. Anthu akuopa magazi masiku ano."

"Matenda a shuga sapatsirana."

"Ine ndikudziwa chomene, ndine wophunzira. Koma a chairman mukawauza ndinu?"

"Nanga kundiuza ine munkaopanso a chairman?"

Anakonza tayi, nati mwina kungakhale bwino mwana atayamba wapuma kunyumba mpaka atachira. Ndinawauza kuti matendawa sachira, ndipo ngati akudikira zimenezo adzapuma ndi iwo pantchito mwana akadali pakhomo. Ndinawapempha kuti tipite limodzi akaime m'chimbudzimo mphindi ziwiri zokha, ine ndiwawerengera pa wotchi. Anati ali ndi chawo cha aphunzitsi, chokhoma ndi loko. Ananena zimenezi mosachita manyazi, ngati akundiuza za nyengo. Chimene chinandinyansa kwambiri si mantha awo, poti mantha tonse tinali nawo masiku amenewo. Chinali chakuti munthu wamkulu anayang'ana mwana wodwala, n'kuganiza za malo omuyenera, m'mutu mwake n'kubwera chimbudzi.

Madamu anandipeza panja. Maso anali ofiira.

"Mama, ine ndinalakwa. Ndinkati ndikulemberani, koma ahedi anati nkhani isatuluke. Na ine ndili na ana, transfer ya ku Chitipa sindingaikwanitse."

"Munkaona manambala, madamu?"

"Kope sindinkalionanso. Ndinkachita manyazi kulifunsa."

Ndinkafuna kuwalalatira, mawu anali atafika kale pakhosi. Koma manja amene anatumiza mwana wanga kuchimbudzi ndi omwewo amene anamupaka shuga m'tsaya, ndipo sindinadziwe kuti ndilalatire dzanja liti. Tinagwirizana chinthu chimodzi popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Kuseri kwa kalasi yawo kunali kakhonde koyang'ana kumunda wa sukulu, kowala bwino, kosadutsa anthu. Madamu analonjeza kuti aziika kapu ya madzi pawindo, ndipo kaya buleki ichedwe kaya kubwere alendo, ikakwana 10 koloko mwana azituluka kukayeza ndi kudya. Ine ndinavula wotchi yanga, ndinaboola bowo lina pa lamba ndi msomali, n'kumuveka mwana. Inali yaikulu, inkazungulira padzanja ngati chibangili. Ahedi anadziwa, koma anasankha kusadutsa kuseri kumeneko, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yokhayo yabwino imene ndinawaona akugwira.

Adokotala nditawafotokozera anagwira pakamwa. Anasiya insulini pa mlingo wakale, nawonjezera mzere wina pa chikuto cha kope, wakuti nambala ikadabwitsa, tiyambe tafunsa kuti yayezedwera kuti ndiponso motani tisanasinthe kanthu. Mbatata zinabwerera ziwiri. Manambala anabwerera pa 6, 7, 8.

Funso limodzi ndinakhala nalo masiku angapo ndisanalifunse, mwina chifukwa ndinkaopa yankho lake. Loweruka masana ndinkamuluka tsitsi pakhonde, iye atakhala pansi pakati pa miyendo yanga, ndipo zinandiphwekera poti sitinkayang'anana.

"Bwanji sunandiuze za chimbudzi?"

Anayankha osatembenuka.

"Munawauza azakhali kuti sukulu ikalephera kundisamala mundisiyitsa."

Chipeso chinaima m'manja mwanga. Mawu aja ndinawalankhula pofuna kuwatseka pakamwa azakhali ake, ndipo ndinali nditawaiwala tsiku lomwelo. Iye anawanyamula n'kumalowa nawo m'chimbudzi muja tsiku lililonse. Ndinayang'ana miyendo yake. Zipsera za kanthambi ka pichesi zinali zitatha, koma ine ndinkadziwa pamene zinali.

"Nanga switi ija anakupatsa mnzako uti?"

"Panalibe switi, amama. Ndinangovomera kuti musapite kusukulu kukafunsa."